Lichero anakana nalo: kulemba pansi pa chithunzi monga mmene timayankhulira

Amayi anga atatsala pang'ono kukwanitsa zaka 70, ife ana awo tinagwirizana zowapangira kabuku ka zithunzi. Wina anatolera zithunzi za m'mafoni, wina anakafukula zakale zimene zinkasungidwa m'sutikesi kunsi kwa bedi, ndipo ine, poti ndimakonda zolembalemba, anandipatsa ntchito yoika mawu pansi pa chithunzi chilichonse. Timawu timeneti anzathu ogwira ntchito m'manyuzipepala amati kapishoni. Ndinkayesa ntchito ya madzulo amodzi, koma chithunzi chimodzi chokha chinandidyera masiku atatu.

Chinali chithunzi cha amayi atakhala pabwalo, miyendo atatambasula, lichero lili m'manja, nyemba zili m'malere. Pansi pake ndinalemba chonchi:

"Pachithunzipa pakuoneka mayi wa zaka 70 yemwe ndi mlimi wa m'boma la Ntcheu ali mkati mogwira ntchito yopeta nyemba zomwe zinakololedwa m'munda mwake, ngati njira imodzi yoonetsetsa kuti pabanja pali chakudya chokwanira."

Ndinamupatsa mlongo wanga kuti aone. Anawerenga mpaka kumapeto, n'kukweza maso.

"Achimwene, mayi ameneyu ndi ndani?"

"Si amayi awo? Sukuwaona?"

"Pachithunzipa ndikuwaona. Koma m'mawumu mulibemo amayi, ndipo inunso mulibemo. Inu simuyankhula chonchi."

Ankanena zoona, ndipo zinandikhudza. M'mawu 32 amene ndinalemba munalibe bodza ngakhale limodzi, galamala yake inali yosalakwika, koma munthu amene anandibereka ndinamutchula "mayi", n'kunena za munda "wake", ngati mtolankhani amene wangokumana naye pamsewu. Pamaso pawo sindinganene choncho, ngakhale kutulo.

Chichewa chouma chonchi sitibadwa nacho, timachita kuchitola. Chiyankhulo chathu chitalengezedwa kukhala cha fuko lonse mu 1968, ndiponso bungwe loyang'anira Chichewa litakhazikitsidwa mu 1972, chinayamba kugwira ntchito zambiri za boma: nkhani za pa wailesi ya MBC, nyuzipepala ya Boma Lathu, zidziwitso za m'zipatala ndi za alangizi a zaulimi. Zambiri mwa zimenezi zimayamba zalembedwa m'Chingerezi, kenako wina n'kuzimasulira, kawirikawiri mothamanga. M'kumasulirako ndi mmene munaphukira mawu ngati "pofuna kuonetsetsa kuti", "ngati njira imodzi yo-", "ali mkati mo-", "mwa zina". Tawamva kuyambira tili ana, moti tikangogwira cholembera amabwera okha, osaitanidwa. Kusukulu nako tinaphunzira kalata ya ntchito ndi chimangirizo, zimene mphunzitsi amachonga ndi inki yofiira, ndipo tinatuluka ndi maganizo akuti kulemba n'kuvala jekete. Chichewa cha pa wailesi chili ndi malo ake, sindikuchinyoza. Wowerenga nkhani amayankhula kwa dziko lonse, kwa anthu amene sakuwadziwa, ndiye ayenera kuima patali pang'ono. Vuto limabwera pamene mwana akulemba za mayi wake ataima patali pomwepo.

Chimene chinandithandiza anachiyambitsa mlongo wanga yemweyo. Anandilanda pepala lija, n'kundipatsa chithunzi chokha.

"Tayerekezani kuti amalume abwera kuchokera ku Joni, sanachionepo. Mukuwapatsa m'manja. Muwauza chiyani?"

Ndisanaganize n'komwe, mawu anatuluka: "Amayitu awa, akupeta nyemba zawo zija. Tinawauza kuti apumeko, tipeta ife, koma lichero anakana nalo. Akuti ife timangomwaza."

Iye anali atayatsa chojambulira mawu cha pafoni yake. Titamvetsera, ndinamva munthu wina wosiyana ndi amene analemba pepala lija. Kuchokera tsiku limenelo njira yanga ndi imeneyi: ndimasankha munthu mmodzi weniweni, womudziwa dzina ndi nkhope, ndimamusonyeza chithunzicho m'maganizo, n'kunena mokweza zimene ndikanamuuza. Kunena chamumtima sikuthandiza kwenikweni, chifukwa mumtima mawu a pa wailesi aja amalowerera mosavuta. Pakamwa ndi pamene amakanika. Tayesani kuuza amalume anu kuti "pachithunzipa pakuoneka mayi yemwe ndi mlimi", muona lilime likukana lokha.

Tsono tiyeni tiike ziwirizi pamodzi, zolembedwa zija ndi zonenedwazi, tione chimene chinasintha.

Choyamba kugwa chinali "pachithunzipa pakuoneka". Munthu amene wagwira chithunzi akudziwa kale kuti ndi chithunzi, ndipo maso ali nawo. Mawu ofotokoza zimene diso laona kale amangodya malo. Pakamwa sindinawanene chifukwa m'maganizo mwanga amalume anali atachigwira kale chithunzicho. Zimene ndinawauza ndi zimene chithunzi sichikanatha kuwauza: kuti panali kukanganirana lichero, ndi kuti amayi sakhulupirira kapetedwe ka ana awo ophunzira. Apa ndi pamene pagona ntchito yonse ya mawu a pansi pa chithunzi. Chithunzi chimagwira kamphindi kamodzi, ndipo mawu amabweretsa zimene zinachitika kamphindiko kasanafike, kapena zimene zinanenedwa pamenepo. Mukaona kuti mawu anu munthu angathe kuwalemba yekha pongoyang'ana chithunzicho, dziwani kuti simunanene kanthu.

Chachiwiri ndi aneni. Taonani mmene mneni mmodzi, "kupeta", ndinamukwirira: "ali mkati mogwira ntchito yopeta". Mawu asanu pamalo pa liwu limodzi, "akupeta". Chichewa cha pakamwa chimayenda ndi aneni, ndipo mneni wathu amanyamula zambiri payekha. Mu "akupeta" muli wochita, muli nthawi, muli ntchito, mulinso ulemu. Chichewa chouma chimatenga mneniyo n'kumusandutsa dzina, kenako n'kufuna mneni wina wopanda mphamvu woti alinyamule dzinalo. Ndiye mumamva "kuchita ntchito yomanga" pamene munthu akumanga, "kupereka thandizo" pamene akuthandiza, "kukhala ndi zokambirana" pamene akukambirana. Mukapeza "ntchito yo-" kapena "mwambo wo-" m'mawu anu, yang'anani liwu lotsatira, chifukwa mneni weniweni wabisala pamenepo. Mutulutseni, enawo muwachotse.

Chimodzimodzi "zomwe zinakololedwa". Ndani anakolola? Amayi. Nanga n'chifukwa chiyani ndinawabisa? Mchira wa "-idwa" kapena "-edwa" ndi Chichewa chenicheni, timaugwiritsa ntchito tsiku lililonse: mbuzi yabedwa, mwana walumidwa ndi galu. Koma pakamwa timaufuna makamaka pamene wochitayo sitikumudziwa, kapena pamene mtima wathu uli pa amene zamuchitikira. Pamene wochita ali pomwepo, atakhala pabwalo ndi lichero, kunena kuti nyemba "zinakololedwa" n'kumuchotsa pa ntchito yake. Pakamwa ndinangoti "nyemba zawo", ndipo liwu limodzi limeneli linanena zonse: analima okha, anakolola okha, ndipo amazinyadira.

Pali chinthu china chimene ndimachikonda kwambiri m'Chichewa cha pakamwa, chimene zolembedwa zouma sizikhala nacho n'komwe. Sindinati "anakana kutipatsa lichero". Ndinati "lichero anakana nalo". Chinthu chimene nkhani ili pa icho timachiponya kutsogolo, kenako n'kuchibwereranso ndi kachizindikiro kake. Timati "ndalama ija ndaipeza", "mwanayu mumusamale", "nsimayi sindiimaliza". Umu ndi mmene Mchewa amasanjira maganizo ake akamayankhula: amayamba waika chinthu pamkeka kuti nonse muchione, kenako n'kunena za icho. Chiganizo chouma nthawi zonse chimayenda mzere umodzi, wochita, ntchito, chochitidwa, ngati ana a sukulu pa asembule. Pansi pa chithunzi kasanjidwe ka pakamwa kamagwira bwino koposa, chifukwa chinthu chimene mwachiika kutsogolo n'chimene diso la wowerenga lili kale pa icho. Lichero akuliona. Mukayamba ndi liwu limenelo, mawu ndi chithunzi zagwirana dzanja.

Za mchira uja, "ngati njira imodzi yoonetsetsa kuti pabanja pali chakudya chokwanira", sindichulutsa gaga m'diwa. Palibe amene anafunsa chifukwa chimene munthu amapetera nyemba. Ndinauchotsa wonse.

Koma musaganize kuti zimene zatuluka pakamwa mungozikopera papepala basi. Apa ndi pamene ambiri amagwera mbali inayo. Poyankhula timathandizidwa ndi chala cholozera, nkhope, kukwera ndi kutsika kwa mawu, komanso zimene ife ndi womverayo tikudziwa kale. Pepala lilibe zonsezi, ndiye pali zina zofunika kubwezeretsa ndi zina zofunika kuchepetsa.

Tengani "nyemba zawo zija". Kachidutswa ka "-ja" kamatanthauza kuti tonse awiri tikuzidziwa, tinakambapo kale. Kwa amalume kanali pamalo pake, chifukwa mbewu ya nyembazo anagula ndi iwo. Koma kabukuka kadzafika m'manja mwa zidzukulu zimene sizinabadwe, ndipo zidzafunsa kuti zija ziti. Ndinakachotsa. Nako ka "-tu" ka mu "amayitu" ndinakaganizira nthawi yaitali. Tizidutswa timeneti, "-tu", "-di", "-ko", "-nso", ndi mchere wa Chichewa, ndipo kamodzi kokha kakhoza kudzutsa chiganizo chakufa. "Apume" ndi lamulo, "apumeko" ndi pempho la mwana wachikondi. Komabe mchere ukachuluka ndiwo sizidyeka. Ndaonapo mawu a mizere iwiri okhala ndi "-tu" katatu, "eti" kawiri ndi "basi" kumapeto, ndipo amamveka ngati munthu amene akuyesezera kucheza. Ine pa mizere iwiri ndimalola kamodzi, kakachuluka kawiri. Pano "-tu" ndinamusiya kunja, chifukwa ntchito yake inali kukopa maso a amalume, ndipo papepala chithunzi chagwira kale ntchito imeneyo.

Palinso msampha wa kamvekedwe. Chichewa chimasiyanitsa matanthauzo pokweza kapena kutsitsa liwu, koma kalembedwe kathu, ngakhale m'malamulo amene anakonzedwanso mu 1990, sikaika zizindikiro zosonyeza zimenezi. Tonse timadziwa za mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika. Kwa aneni vutoli ndi lalikulu kuposa pamenepo. Nthawi ina ndinayesa kulemba kuti "Nyemba zonsezi apeta okha." Pakamwa palibe angasokonezeke, chifukwa liwu likatsika pa "a-" ndiye kuti ntchito yatha, likakwera ndiye kuti ntchito ikubwera. Papepala ziwirizi zimalembedwa mofanana. Mlongo wanga anawerenga ngati ndikudandaula kuti tiwasiyira amayi ntchito yonse, pamene ine ndinkawayamikira kuti amaliza. Mankhwala ake ndi kuwonjezera liwu limodzi, "apeta kale", kapena kusankha nthawi ina ya mneni imene siingawerengedwe pawiri. N'chifukwa chake mawu anu muzimupatsa munthu wina kuti awawerenge mokweza inu mukumva. Mukawerenga nokha mumaika kamvekedwe kamene munali nako m'mutu, ndipo cholakwikacho simuchimva. Wina akapunthwa, kapena akakweza liwu pamene inu munatsitsa, pamenepo pali pofunika kukonza.

Chomaliza chimene pepala limafuna ndi malo ndi nthawi. Amalume sindinawauze kuti ndi ku Ntcheu, chifukwa bwalolo anakulirapo. Mdzukulu wobadwira ku Blantyre kapena ku Harare ayenera kuuzidwa. Koma taonani kusiyana kwa "wa m'boma la Ntcheu" ndi "kwathu ku Ntcheu". Malo ndi amodzi, koma oyambawo ndi mawu a kalaliki wolemba kaundula, achiwiriwo ndi a munthu amene mchombo wake unakwiriridwa komweko. Za nthawi, pakamwa timati "chaka chatha", "dzana", "nthawi yokolola ija", ndipo mawu otere amaola msanga. Pakatha zaka zisanu "chaka chatha" sichidziwikanso kuti n'chiti. Mwezi ndi chaka ndinazilemba m'manambala, pakamzere kakekake kumunsi, kuti zisalemetse chiganizo.

Zonsezi zitachitika, pansi pa chithunzi panatsala izi:

"Amayi akupeta nyemba zawo pabwalo, kwathu ku Ntcheu. Lichero anakana nalo, akuti ife timangomwaza."

Mawu 14 pamalo pa 32, ndipo akunena zambiri kuposa oyamba aja.

Pali anthu amene akamva kuti lembani monga mmene mumayankhulira, amamva ngati akuuzidwa kuti ataye ulemu. Apa ndimatsutsa ndi mtima wonse. Mwa ziganizo ziwiri zija, chopanda ulemu chinali chouma chija. Ndi chimene chinati "mayi", "yemwe", "mwake". Cha pakamwa chinati "amayi", "zawo", "anakana", chifukwa pakamwa pa mwana woleredwa bwino ulemu umabwera wokha. Kayankhulidwe kanu ka tsiku ndi tsiku si kamodzi. Mmene mumayankhulira ndi mnzanu wa pabawo si mmene mumayankhulira ndi apongozi, koma konseko ndinu nomwe, ndipo konseko simunena kuti "pofuna kuonetsetsa". N'chifukwa chake kusankha munthu womuuza uja n'kofunika kwambiri. Ndikanasankha mnzanga wa kusukulu m'malo mwa amalume, mwina pakanatuluka mawu ngati "masteni", amene achinyamata a m'tauni amatchulira amayi awo. Kwa amene amayankhuladi choncho, pa chithunzi choti aone anzake, palibe cholakwika. Koma ine sinditero, ndipo kubwereka mawu a achinyamata kuti ndimveke womasuka kukanakhala kuvala jekete lina, la mwini wake.

M'kabuku komweko munali chithunzi cha malemu bambo athu. Pamenepo ndinaona kuti mawu a pakamwa amathanso kukhala odekha kwambiri. Poyamba ndinalemba kuti "omwe anamwalira atadwala kwa nthawi yaitali", mawu a chidziwitso cha maliro cha pa wailesi. Nditadzifunsa mmene timanenera tikakhala patokha, ndinapeza kuti m'banja mwathu sitinenapo choncho. Timati "abambo asanatisiye". Ndinalemba zomwezo, ndipo palibe anaona ngati ndachepetsa ulemu wa malemu.

Nkhani ya "-na-" ndi "-da-" nayo imasokoneza ambiri. Ena amaganiza kuti "adapita" ndiye Chichewa cha m'mabuku, "anapita" n'cha pamsewu, ndiye akagwira cholembera amasintha. Zoona zake n'zakuti m'madera ambiri a m'chigawo chapakati anthu amanenadi "adapita" pocheza, ndipo ena timati "anapita". Zonse n'zolembeka. Lembani imene imatuluka pakamwa panu, ndipo mukasankha musasinthesinthe m'chiganizo chimodzi. Mawu obwereka nawonso chimodzimodzi. Ngati kwanu mumati feteleza, foni, minibasi, lembani choncho m'kalembedwe ka Chichewa. Kusakasaka liwu lakale limene simunalinenepo chibadwire, pongofuna kuti zioneke zozama, n'kumene kumaumitsa mawu.

Njira imeneyi ili ndi malire ake. Mtolankhani wolemba pansi pa chithunzi cha m'nyuzipepala sangati "kwathu", chifukwa akuyankhulira nyuzipepala yonse, ndipo ayenera kutchula mayina onse ndi maudindo, kuyambira kumanzere kupita kumanja, mosalakwitsa chilembo. Komabe ngakhale iye akhoza kuchotsa "pachithunzipa pakuoneka", akhoza kutulutsa mneni amene wakwiriridwa, ndipo owerenga ake angamuthokoze. Amene njirayi ingawapindulire msanga ndi amalonda. Mayi wogulitsa zitenje amajambula katundu wake n'kulemba kuti "tikudziwitsa makasitomala athu onse kuti talandira katundu watsopano wapamwamba". Koma mukamupeza pabenchi pake mumsika amati, "Zafika dzulo izi asisi, sizisuluka, tagwirani muone kulimba kwake." Mawu achiwiriwa ndi amene amagulitsa chitenje pamsika, ndipo pansi pa chithunzi akhozanso kugulitsa, bola awonjezerepo mtengo ndi malo amene akupezeka.

Tsiku la phwando kabuku kaja kanayenda m'manja mwa anthu. Maso a amayi anayamba kuvuta, ndiye mdzukulu wawo wamkulu anakhala pambali pawo pamkeka n'kumawawerengera tsamba ndi tsamba. Atafika pa chithunzi cha nyemba anawerenga mizere iwiri ija bwinobwino, osapunthwa paliponse. Amayi anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, kenako anandiloza.

"Walemba ndi uyu. Ndipo sindinaname, mumamwazadi."